Thupi limanamiza woyendetsa ndege

Ndatopa kumva mawu akuti "payiloti wodziwa ntchito amamva m'thupi ndege ikapendekeka." Ndimawamva kwa anthu wamba, komanso, chomwe chimandipweteka kwambiri, kwa ophunzira amene angoyamba kumene kuwuluka okha. Samamva ayi. Palibe munthu amene amamva, kaya wauluka zaka makumi atatu.

M'kati mwa khutu muli timachubu titatu tokhota tokhala ndi madzi. Mutu ukatembenuka, madziwo amatsalira m'mbuyo pang'ono, ndipo ubongo umadziwa kuti mwatembenuka. Koma ndege ikamapendekeka pang'onopang'ono, osafika madigiri 2 pa sekondi, khutu silimva kalikonse. Mukakhotanso mosalekeza kwa masekondi pafupifupi 20, madzi aja amakhazikika, thupi n'kukuuzani kuti mukuyenda mowongoka. Masana maso amakonza bodza limeneli chifukwa mukuona pamene thambo lakumana ndi dziko. Nanga pamenepo pakasowa?

Tiyerekeze kandege kakang'ono kanyamuka mochedwa ku Likoma kupita ku Lilongwe, mu Okutobala, utsi wa tchire uli tolo. Dzuwa likulowa kakudutsa kufupi ndi Nkhotakota, mwezi kulibe. Pansi pali nyali za asodzi a usipa, pamwamba pali nyenyezi, ndipo kuchokera m'ndege ziwirizi zimaoneka chimodzimodzi. Woyendetsa waweramira mapu, phiko lakumanzere latsika osadziwa. Ndege yopendekeka imagwetsa mphuno, choncho akadzutsa mutu apeza geji ikusonyeza kuti akutsika, liwiro likukwera. Thupi likumuuza kuti mapiko ali bwinobwino, ndiye akoka chiwongolero kuti akwere. Apa ndi pamene pali imfa. Kukoka ndege ili chipendekekere kumangofinya kukhota kuja, imazungulira mothina n'kumatsika mwaliwiro koposa. Akakokanso, zimaipiraipira.

Maphunziro amalamula zinthu zitatu motsatana: chepetsa mphamvu ya injini, wongola mapiko poyang'ana geji yosonyeza kupendekeka, kenaka dzutsa mphuno mofatsa. Chovuta n'chakuti mapiko akangowongoka, thupi limakuwa kuti tsopano mwapendekekera kumanja, ndipo dzanja limafuna kubwerera komwe lachoka. N'chifukwa chake wophunzira timamuveka chophimba kumaso kuti aziona mageji okha, kapena kumukhazika pampando wozungulira atatsinzina. Mpando ukaima, amalumbira kuti akuzungulira chobwerera.

Mu 1954, yunivesite ya Illinois ku America inayesa oyendetsa ndege 20 osaphunzira kuwuluka ndi mageji okha. Atawatsekera kuona kunja, onse analephera kuilamulira ndege, ndipo pakatikati zinkangotenga masekondi 178. John F. Kennedy Jr., mwana wa pulezidenti wakale wa America, anafa motere pa 16 Julaye 1999, pamwamba pa nyanja, usiku wa nkhungu, pamodzi ndi mkazi wake ndi mlamu wake. Injini inalibe vuto. Nkhani imeneyi imandivutabe chifukwa usiku ngati umenewo kuno ku Senga Bay timauona chaka ndi chaka.

Payiloti wathu uja ali ndi adani ena awiri. Kuti adutse mapiri a pakati pa nyanja ndi Lilongwe wakwera mpaka mafiti 8,500. Malamulo amafuna okosijeni wapadera mukapitirira mafiti 10,000 kwa nthawi yaitali, koma usiku maso amayamba kufooka kuyambira mafiti 5,000. Kuchepa kwa okosijeni sikubanika ngati momwe anthu amaganizira. Munthu amangomva bwino, ngati wamwa botolo limodzi, zala zikuchita dzanzi, milomo ikuda, masamu osavuta akumukanika koma iye osadandaula. Pa mafiti 25,000 nzeru zimatha m'mphindi 3 mpaka 5. Ndege ya Helios inagwa ku Greece mu Ogasiti 2005 ndi anthu 121 chifukwa oyendetsa anakomoka asanazindikire kuti m'ndege mpweya ukuchepa.

Kutopa ndiye kumamaliza zonse. Munthu amene wakhala maso maola 17 amaganiza mochedwa ngati amene walawa mowa, ndipo maso ake amakakamira geji imodzi n'kuiwala zinazo. Musanamizidwe ndi ogulitsa zakumwa zopatsa mphamvu ndi mapilisi ochotsa tulo. Zimangotsegula zikope, ubongo uli chitopere. Mapilisi ambiri a chimfine nawo amawodzeretsa, ndipo wowamwa osafunsa dokotala wa oyendetsa ndege akuika moyo wa anthu pachiswe.

Inunso okwera muli ndi mbali yanu. Woyendetsa akanena kuti tigona konkuno, kwada, musamukakamize ndi nkhani ya msonkhano wa mawa. Ndipo iwe wophunzira, ukaona kuti malire a nyanja ndi thambo ayamba kuzimirira, khota ubwerere pomwepo ukadali kuona. Ukadikira kuti uone ngati kutsogolo kuyera, ukhota uli kale mumdima, podalira khutu lomwe lija.