Yodi pa tchati cha kubadwa: yezani kaye musanamasulire pulaneti ya pansonga

Mayi wina amene amaphunzitsa pa sukulu ya pulayimale kumbali ya Malindi anandipeza pa boma la Mangochi ali ndi nkhawa, atanyamula foni imene inali kusonyeza tchati cha kubadwa kwake, chithunzi chosonyeza pamene mapulaneti anali pa nthawi imene anabadwa. Pakati pa tchaticho panali mizere itatu yopanga chithunzi chosongoka ngati mutu wa mkondo, ndipo munthu wina anali atamuuza kuti chimenecho ndi “chala cha Mulungu”. Iye anandifunsa motsitsa mawu kuti, “Abambo, kodi ndiye kuti ndinalozedwa chala ndisanabadwe?” Kuno kwathu, kumene Asilamu ndi Akhristu amalemekeza dzina la Mulungu ndipo kuloza munthu chala si nkhani yamasewera, funso lake linali lomveka. Ndinamuyankha kuti dzinalo analipereka ndi anthu omasulira nyenyezi, si chiphunzitso cha chipembedzo chilichonse, ndipo dzina limene ife timagwiritsa ntchito ndi yodi, lochokera ku chilembo cha khumi cha Chiheberi.

Yodi imapangidwa ndi mapulaneti atatu, ndipo m'luso lomasulira nyenyezi Dzuwa ndi Mwezi timaziwerengera pamodzi ndi mapulaneti. Awiri amakhala motalikirana madigiri 60, mgwirizano umene mapulogalamu amaulemba kuti sextile, ndipo amenewa ndiwo tsinde. Yachitatu imakhala kutsidya, pa mtunda wa madigiri 150 kuchokera ku iliyonse ya ziwirizo, mtunda umene umalembedwa kuti quincunx kapena inconjunct. Mukaphatikiza 60, 150 ndi 150 mupeza 360, kutanthauza kuti mwazungulira tchati chonse. Pulaneti yachitatuyi ndiyo ya pansonga.

Chinthu choyamba chimene ndimachita ndi kuyeza, chifukwa ma yodi ambiri amene anthu amandibweretsera si enieni. Mapulogalamu ena amajambula mzere ngakhale pamene mtunda waphonya ndi madigiri angapo, koma pa mtunda wa 150 ambiri a ife sitilola kuphonya kopitirira madigiri awiri kapena atatu. Mayiyu anabadwa kumayambiriro kwa Juni 1990, pamene Neputuni inali cha pa digiri 14 m'chizindikiro cha Capricorn, chimodzi mwa zigawo khumi ndi ziwiri zozungulira tchati, Puluto cha pa digiri 15 kapena 16 mu Scorpio, ndipo Dzuwa lake linali cha pa digiri 15 mu Gemini. Manambala atatuwo ayandikana bwino, choncho yodi yake ndi yeniyeni. Akanabadwa masiku asanu ndi limodzi pambuyo pake, Dzuwa, limene limasuntha pafupifupi digiri imodzi patsiku, likanakhala litadutsa digiri 20, ndipo chithunzicho chikanaphwasuka ngakhale kuti zizindikiro zikanakhala zomwezo.

Kuti mumvetse pulaneti ya pansonga, muyenera kumvetsa chimene mtunda wa 150 umatanthauza m'mwambo wathu. Zizindikiro khumi ndi ziwiri timazigawa m'magulu a moto, dothi, mpweya ndi madzi, komanso m'makhalidwe atatu, oyambitsa, okhazikika ndi osinthasintha. Zizindikiro zotalikirana madigiri 150 sizigawana gulu kapena khalidwe. Gemini ndi ya mpweya ndipo ndi yosinthasintha, pamene Scorpio ndi ya madzi, yokhazikika, ndipo Capricorn ndi ya dothi, yoyambitsa. Akatswiri akale, kuphatikizapo Tolemi wa ku Alekizandiriya wa m'zaka za m'ma 100, ankati zizindikiro zoterezi n'zachilendo kwa zinzake, sizionana n'komwe. Choncho si mkangano woonekera, koma kusamvana kwachinunu. Madzi ndi dothi a patsinde amagwirizana okhaokha, ndipo onse pamodzi amakoka pulaneti ya pansonga imene siimva chilankhulo chawo. Ndimakonda kuyerekeza ndi msodzi amene akupalasa bwato yekha pa Nyanja ya Malombe: akapalasa mbali imodzi mphuno ya bwato imakhota, akasinthira nkhafi mbali ina imakhotanso, ndipo ulendo umayenda chifukwa chakuti iye saleka kuwongola.

Pomasulira ndimayamba ndi pulaneti yeniyeniyo, osati chithunzi. Dzuwa timalitenga ngati chizindikiro cha umunthu wa munthu ndi kumene afuna kuloza moyo wake, ndipo mu Gemini limagwira ntchito kudzera m'mawu, kuphunzira, kufunsa ndi kufotokoza. Neputuni imaimira maloto, chifundo ndi zinthu zosagwirika, pamene Puluto imaimira kufukula zobisika ndi kusintha kwakukulu kochokera pansi pa mtima. Mawu amene ndinamuuza mayiyu anali akuti munthu wa tchati chotere angapeze kuti kulankhula kwapamwambamwamba sikumukhutitsa, kuti amasinthasintha njira yofotokozera zinthu zolemera, ndipo nthawi zambiri amaona ngati sanafikepo. Sindinamuuze kuti zili choncho basi. Ndinamufunsa ngati akuzizindikira, popeza mwini moyo ndiye amadziwa.

Kenaka ndimayang'ana nyumba imene pulanetiyo ili, kutanthauza gawo la tchati loimira mbali ina ya moyo wa munthu, ndipo apa ndi pamene nthawi ya kubadwa imafunika kwambiri. Pa kakhadi kake ka kuchipatala panalembedwa 10:30 m'mawa. Ku Mangochi dzuwa limafika paliwombo cha m'ma 11:40 pa mwezi wa Juni, osati 12 koloko, chifukwa tili chakum'mawa kwa mzere umene nthawi ya dziko lino imawerengedwera. Kubadwa ola limodzi lisanafike pamenepo kumaika Dzuwa m'nyumba ya khumi, ya ntchito ndi mbiri pamaso pa anthu, ndipo n'chifukwa chake tinakambirana za uphunzitsi wake osati za banja. Akanangodalira mawu a amayi ake akuti anabadwa masana, sitikanadziwa ngati ndi nyumba ya khumi kapena ya chisanu ndi chinayi. Vutoli limakula pamene pansonga pali Mwezi, umene umasuntha pafupifupi digiri imodzi pa maola awiri aliwonse, moti munthu wosadziwa ola lake sangatsimikize ngakhale kuti yodiyo ilipo.

Ndimayang'ananso wolamulira chizindikiro cha pansonga. Gemini imalamulidwa ndi Mekyule, imene pa tchati chake inali mu Taurus, chizindikiro cha dothi chodekha, ndipo ndinamasulira kuti iye amapeza mpumulo akamalankhula pang'onopang'ono ndi kugwiritsa ntchito zinthu zogwirika. Palinso malo openyana ndi nsonga, pakati penipeni pa tsinde, amene kwa iye ndi digiri 15 ya Sagittarius. Mapulaneti oyenda akamadutsa pamenepo kapena pansonga penipeni, monga Jupita imene inali mu Gemini kuyambira Meyi 2024 mpaka Juni 2025, timayembekeza kuti nkhani za yodi zimveke kwambiri.

Pali malire amene sindibisira aliyense. Neputuni ndi Puluto zakhala zikuyenda motalikirana pafupifupi madigiri 60 kuyambira m'zaka za m'ma 1940, choncho mwana aliyense amene anabadwa masiku omwewo a Juni 1990, kaya ku Namwera kaya kunja kwa dziko, ali ndi yodi yomweyi. Yodi imene tsinde lake lili ndi Mwezi, Venasi kapena Mazi ndimaipatsa kulemera kokulirapo, chifukwa imakhala ya munthu payekha. Ndiponso kumasulira nyenyezi ndi mwambo wa zizindikiro umene sayansi sinautsimikize, kotero sindilola kuti munthu asiye ntchito, banja kapena mankhwala chifukwa cha mizere itatu. Mayi uja atanyamuka kukakwera galimoto ya ku Malindi, anali atalemba papepala manambala atatu aja ndi ola la 10:30, kuti akaone yekha ngati pulogalamu yake inawerengera nthawi ya Malawi molondola.