Masheya anu a K5 miliyoni: wogula alipo?

Amene muli ndi masheya ku Malawi Stock Exchange mukudziwa momwe sitetimenti imabwerera: masheya angati, mtengo wa imodzi, pansi pake chiwerengero cha ndalama zonse. Mtengo umenewo ndi wa malonda omaliza amene anachitika, mwina dzulo, mwina sabata yatha, mwinanso a masheya 500 okha. Palibe amene walonjeza kuti agula anu onse pa mtengo womwewo. Kuti mudziwe ndalama zomwe zingalowedi m'thumba, pamafunika kuona zinthu ziwiri: buku la maoda, ndi kuchuluka kwa masheya amene amagulidwa pa tsiku.

Buku la maoda ndi mndandanda wa anthu amene akudikira. Mbali ina kuli ofuna kugula, aliyense ndi mtengo wake komanso masheya amene akufuna. Pa sikirini ya buloka mbali imeneyi imalembedwa Bid. Mbali inayo kuli ofuna kugulitsa, pansi pa Ask kapena Offer. Kuchokera mu 2018 msika wathu umalumikiza maodawa pa kompyuta: wopereka mtengo wabwino ndiye amayamba, ndipo mitengo ikafanana amayamba amene anafika msanga. Inu wogulitsa, maso anu akhale kwa ogula. Funso ndi lakuti pansi pa wogula woyambayo pali ena angati, ndipo mitengo yawo ikutsika motani. Kumeneko ndiko kuya kwa buku.

Tiyerekeze ndi kampani yongopeka. Muli ndi masheya 100,000, mtengo womaliza unali K50, choncho pa pepala muli ndi K5 miliyoni. Pagwa vuto, mwauza buloka kuti agulitse onse lero pa mtengo uliwonse umene ulipo. M'buku muli ogula anayi. Woyamba akufuna masheya 10,000 pa K49.50. Wachiwiri 15,000 pa K48. Wachitatu 25,000 pa K45, ndipo wachinayi 20,000 pa K40. Kupitirira apo kulibe munthu.

Oda yanu idzayamba ndi woyambayo n'kumatsika mpaka ogula atatha. Kwa woyamba mupeza K495,000, kwa wachiwiri K720,000, kwa wachitatu K1,125,000, kwa wachinayi K800,000. Zonse pamodzi ndi K3,140,000 pa masheya 70,000, kutanthauza kuti sheya iliyonse yapita pafupifupi pa K44.86. Mukanagulitsa pa K50 mukanalandira K3,500,000, ndiye K360,000 yatsala panjira, tisanachotse komishoni ya buloka ndi zolipira zina. Masheya 30,000 akadali m'manja mwanu, ndipo mtengo umene mawa ulembedwe pa iwo ndi K40, womwe mwaugwetsa nokha.

Zili ngati kufika pa msika wa kumudzi ndi lole yodzaza chimanga mutamva kuti thumba likuyenda bwino. Mtengo munamvawo ndi woona, koma ndi wa munthu amene anabwera ndi matumba awiri pa njinga.

Onaninso kuti mnzanu wa masheya 5,000 a kampani yomweyo sakanaona vuto lililonse. Akanagulitsa onse kwa wogula woyamba pa K49.50 n'kumapita. Choncho funso lakuti "kodi masheya akutiakuti amagulitsika mosavuta?" silikwanira. Wina akakuyankhani osafunsa kuti muli nawo angati, wangokusangalatsani.

Nanga mukapanda kufulumira? Apa ndi pomwe kuchuluka kwa malonda kumathandiza. Buku limasonyeza amene ayima pa mzere pakali pano, pomwe chiwerengero cha masheya ogulidwa, chimene malipoti a msika amachilemba Volume, chimasonyeza mmene ogula akhala akubwerera masiku apitawa. Tinene kuti masheya a kampani yathu ija amene amagulidwa pa msika ndi pafupifupi 20,000 pa tsiku. Simuli nokha wogulitsa, ndipo mukafuna kutenga ogula onse mudzayamba kupikisana ndi anzanu potsitsa mtengo. Mukamatenga gawo limodzi mwa magawo anayi, ndiye 5,000 pa tsiku, ndipo masheya 100,000 adzatha pa masiku 20 a malonda, pafupifupi mwezi. Mumauza buloka mtengo umene simukufuna kutsikirapo, mwachitsanzo K49, n'kudikira. Kudikirako nakonso kuli ndi mtengo wake: mwezi usanathe kampani ikhoza kulengeza kuti phindu latsika, ogula onse a K49 n'kuchoka.

Chiwerengero cha malondachi ndi chimene ndimachikayikira kwambiri, makamaka pa msika ngati wathu. Masheya ambiri a makampani a pa Malawi Stock Exchange ali m'manja mwa eni akuluakulu, makampani a penshoni ndi a inshuwalansi, omwe sagulitsa kawirikawiri. Akagulitsana okhaokha, malonda amodzi amafufumitsa mwezi wonse. Lipoti likhoza kunena kuti mwezi watha kunagulidwa masheya 2 miliyoni, inu n'kugawa ndi masiku 20 n'kupeza 100,000 pa tsiku, mtima n'kukhala m'malo kuti anu apita tsiku limodzi. Koma ngati 1.8 miliyoni mwa amenewo anali malonda amodzi a mabungwe awiri amene anagwirizana kale, masiku 19 otsalawo anagawana 200,000 okha, kuposera pang'ono 10,000 pa tsiku. Njira yozindikirira ndi yosavuta: musaone chiwerengero cha mwezi chokha, onani tsiku ndi tsiku. Werengani masiku amene sipanachitike malonda alionse, ndipo onani kuti malondawo anali angati. Masheya 50,000 ogulidwa m'malonda 40 akusonyeza kuti pa msika pali anthu. Omwewo ogulidwa kamodzi sakusonyeza kanthu.

Buku nalo lili ndi bodza lake. Oda ikhoza kuchotsedwa nthawi iliyonse isanakumane ndi inzake, ndipo ogula amakonda kuthawa pa nthawi yomwe inu mukuwafunitsitsa. Izi zimachitika ngakhale pa misika ikuluikulu. Pa 6 Meyi 2010 ku America, mitengo inagwa mwadzidzidzi, Dow Jones, muyeso wa mitengo ya masheya a makampani akuluakulu a kumeneko, n'kutsika ndi mapointi pafupifupi 1,000 isanabwererenso pa mphindi zochepa. Tsiku limenelo malonda anali ochuluka kwambiri, koma ogula anali atachotsa maoda awo, mpaka masheya ena a kampani ya Accenture, omwe ankagulidwa pafupifupi pa madola 40, anapita pa senti imodzi. Woyang'ana kuchuluka kwa malonda kokha akanati msika uli bwino.

Palinso mbali yabwino: si wogula aliyense amaonetsa nkhope yake m'buku. Bungwe lofuna masheya ambiri siliika oda yonse poyera, poopa kukweza mtengo lisanagule. N'chifukwa chake pa katundu wamkulu, foni ya buloka imaposa sikirini, pakuti iye amadziwa amene akufunafuna mwakachetechete.

Musanagulitse, ngakhalenso musanagule, mufunseni buloka kuti akuwerengereni maoda a ogula kuyambira pamwamba mpaka pamene akwanira masheya anu, ndi mtengo wa pa sitepe iliyonse. Mufunsenso kusiyana kwa mtengo wa wogula woyamba ndi wa wogulitsa woyamba. Ngati wina akufuna kugula pa K49.50 pomwe wogulitsa akuti K52, munthu wogula m'mawa n'kugulitsa masana amataya K2.50 pa sheya iliyonse, pafupifupi 5 peresenti, msika usanasunthe n'komwe. Ndipo ngati pansi pa Bid palibe dzina lililonse pomwe pansi pa Offer mzere ndi wautali, oda yanu ikaima kumbuyo kwa onse amene anafika kale pa mtengo womwewo, pokhapokha mutatsitsa kuposa iwo.