Aigenivaliyu ndi aigenivekita: phunziro la ngolo ziwiri ndi masipuling'i atatu

Ophunzira za uinjiniya amene ndimawathandiza masamu kuno ku Harare, ena a ku yunivesite ya ku Mount Pleasant, ena a ku Belvedere, ambiri amatha kupeza aigenivaliyu pa mayeso, koma ndikawafunsa tanthauzo la nambala imene apezayo amangoti kukamwa yasa. Zimenezi zimandidetsa nkhawa, chifukwa nambalayo imanena chinthu chooneka ndi maso.

Matirikisi ikachulukitsa vekita, kawirikawiri imasintha utali wake komanso kumene vekitayo ikuloza. Koma pali mavekita ena apadera amene sachoka pa mzere wawo, amangotalika, kufupika kapena kutembenuka. Vekita yotere, imene si ziro, ndiyo aigenivekita, ndipo nambala imene yaichulukitsayo ndiyo aigenivaliyu, yolembedwa ndi chilembo cha Chigiriki λ. Timalemba kuti Av = λv.

Tiyerekeze kuti ngolo ziwiri, iliyonse yolemera kilogalamu imodzi, zili pa njanji yosalala pakati pa makoma awiri. Ngolo iliyonse yamangidwa ku khoma lake ndi sipuling'i yolimba 4 N/m, ndipo pakati pa ngolozo pali sipuling'i ya 6 N/m. Mukakankha ngolo imodzi mita imodzi, inzake ili chiimire, masipuling'i awiri amaibweza, ndipo 4 kuphatikiza 6 ndi 10. Sipuling'i yapakatiyo imakokanso ngolo inayo ndi 6. Matirikisi yake ndi iyi:

```
A = [ 10  -6 ]
    [ -6  10 ]
```

Yesani kaye vekita (1, 0). Yankho ndi (10, −6), lomwe likuloza kwina, choncho imeneyi si aigenivekita. M'malo molota, timasamutsira zonse mbali imodzi kuti tipeze (A − λI)v = 0, pamene I ndi matirikisi imene siisintha vekita ikaichulukitsa. Kuti pakhale yankho lina losakhala ziro, ditaminanti ya A − λI iyenera kukhala ziro:

```
(10 − λ)² − 36 = 0
λ² − 20λ + 64 = 0
(λ − 4)(λ − 16) = 0
```

Tapeza 4 ndi 16. Musanapitirire, tsimikizani motere: mukaphatikiza ma aigenivaliyu muyenera kupeza chimodzimodzi ndi kuphatikiza manambala a mzere wopingasa, ndipo 4 + 16 ndi 20, monganso 10 + 10. Mukawachulukitsa muyenera kupeza ditaminanti ya A, ndipo 4 × 16 ndi 64, monganso 100 − 36. Amene wachotsa λ pa manambala onse anayi, m'malo mwa awiri a mzere wopingasa okha, amagwidwa pomwepa.

Tsopano ikani λ = 4 mu (A − λI)v = 0, pamene v = (x, y). Mzere woyamba ukupereka 6x − 6y = 0 ndipo wachiwiri −6x + 6y = 0, kutanthauza kuti x = y, ndiye titha kusankha (1, 1). Ophunzira ambiri amachita mantha poona kuti mizere iwiriyo ikunena chinthu chimodzi, koma ndi mmene ziyenera kukhalira, popeza (2, 2) ndi (5, 5) nazonso zili pa mzere womwewo. Mizere ikakukakamizani kuti x ndi y zonse zikhale ziro, dziwani kuti λ yanu ndi yolakwika. Mukaika λ = 16 mupeza −6x − 6y = 0, ndipo vekita yake ndi (1, −1).

Tibwerere ku ngolo zija, chifukwa apa ndi pamene pagona nkhani. Vekita (1, 1) ikunena kuti ngolo zonse zikupita mbali imodzi, mtunda wofanana. Sipuling'i yapakati sikutambasuka kapena kupanikizika, choncho ngolo iliyonse ikubwezedwa ndi sipuling'i yake ya ku khoma yokha, ndipo n'chifukwa chake λ yatuluka 4. Vekita (1, −1) ikunena kuti ngolozo zikuyandikirana ndi kutalikirana. Ngolo iliyonse ikasuntha mita imodzi, sipuling'i yapakati imasintha ndi mamita awiri, ndiye mphamvu yobweza ndi 4 + 2 × 6, yomwe ndi 16.

Popeza ngolo iliyonse ndi ya kilogalamu imodzi, λ = ω², pamene ω ndi liwiro la kugwedezeka, choncho ω ndi 2 rad/s ndi 4 rad/s, kapena mahetsi pafupifupi 0.32 ndi 0.64 mukagawa ndi 2π. Mota ikamagwedeza ngolozi pa liwiro loyandikira limodzi mwa awiriwa, kugwedezekako kumakula kwambiri, ndipo mu makina enieni ndi pamene mabawuti amamasuka ndi zitsulo kuchita ming'alu. Kugwedezeka kwina kulikonse kwa ngolozi, mukazikankha n'kuzisiya, ndi kusakaniza kwa mayendedwe awiriwa.

Chitsanzochi chaphweka chifukwa ngolo ndi zolemera mofanana. Zikasiyana kulemera, muyenera kuyamba mwagawa mzere uliwonse wa matirikisi ndi kulemera kwa ngolo yake, ndipo (1, 1) ndi (1, −1) sizikhalanso mayankho. Yesani kupanga ngolo yachiwiri kukhala ya makilogalamu awiri: mzere wachiwiri ukhala −3 ndi 5, ndipo ma aigenivaliyu anu ayenera kuphatikizana kukhala 15 ndi kuchulukitsana kukhala 32.