Malipiro akachedwa, chikalata chinene tsiku

Ndagwira ntchito mu ofesi yoona za ogwira ntchito kwa zaka zambiri, ndipo pepala lomwe ndimaliopa kwambiri si kalata yochotsa munthu ntchito ayi. Ndi kachidziwitso kamizere itatu komwe kamamatidwa pachitseko pa 24 madzulo, pomwe mawa lake ndi tsiku lolandira. Pakampani ina yomwe ndinkagwirako, bwana anandibweretsera kotere kuti ndingokataipa:

"Tikudziwitsa ogwira ntchito onse kuti malipiro a mwezi uno achedwa pang'ono chifukwa cha zovuta zina za kubanki. Zonse zikhala bwino posachedwapa. Chonde dekhani. Akuluakulu a kampani."

Ndinawafunsa bwanawo kuti vuto la kubankilo ndi lotani. Anaseka. Kubanki kunalibe vuto lililonse. Chomwe chinalipo n'chakuti kasitomala wathu wamkulu anali asanalipire katundu yemwe tinamuperekera, ndipo muakaunti munali K7 miliyoni pomwe malipiro a anthu 60 ankafunika K18 miliyoni. Bodza lonamizira banki silikhalitsa. Pa anthu 60 sipangalephere mmodzi yemwe ali ndi msuweni wogwira kubanki komweko, ndipo pofika masana gulu lonse la pa WhatsApp limakhala ladziwa kuti makina ali bwinobwino. Kuyambira pamenepo, chilichonse chomwe ofesi inganene anthu amangoti "ndi zomwe zija".

Koma mawu oipitsitsa m'kachidziwitsoko ndi akuti "posachedwapa". Taganizani za mlonda wathu yemwe amachita lendi ku Ndirande. Eni nyumba amabwera pa 30. Iye sangawauze kuti "abwana akuti posachedwapa", chifukwa amuyankha kuti nayenso apeze nyumba ina posachedwapa. Koma akanena kuti "ndilipira pa 5", eni nyumba ambiri amang'ung'udza kenaka n'kuvomera. Munthu wodziwa tsiku amatha kukakambirana ndi wagolosale, ndi akusukulu, ndi anzake a banki m'khonde. Wosadziwa tsiku amathamangira kwa wakatapila, ndipo malipiro akamadzabwera amakhala atadyeka kale.

Ndiye ntchito yeniyeni si kusankha mawu okoma, ndi kupeza tsiku lomwe simudzaliphonya. Ife tinawerenga motere. Pa 25 Juni linali Lachiwiri. Kasitomala analonjeza, ndipo tinamuuza kuti alembe lonjezolo, kuti atumiza ndalama Lachisanu pa 28. Bwana ankafuna tilengeze pa 28 pomwepo. Ndinakana. Ndalama zotumizidwa Lachisanu masana kuchokera kubanki ina zikhoza kuonekera Lolemba, pa 1 Julayi. Lachiwiri n'loti awiri osainira asaine ndipo mndandanda wa malipiro upite kubanki. Amene ali ndi akaunti kubanki yomwe kampani imasungako ndalama amaona uthenga pafoni msanga, koma a mabanki ena nthawi zina amadikira mpaka mawa lake, lomwe ndi Lachitatu pa 3. Pamenepo tinaonjezerapo masiku awiri oti mwina kasitomala azengereza, n'kufika Lachisanu pa 5 Julayi. Kupitirira apo sitikanafuna, popeza pa 6 ndi tsiku lokumbukira ufulu wodzilamulira ndipo anthu akanalowa m'tchuthi chimanjamanja.

Tsiku lomwe mukulengeza likhale lomwe munthu womaliza adzaone ndalama muakaunti mwake, osati lomwe kampani ikuyembekeza kulandira zake. Mukalonjeza pa 5 n'kulipira pa 3, anthu amakuyamikani. Mukalonjeza pa 28 n'kulipira pa 3 pomwepo, mwanama kawiri.

Nanga K7 miliyoni inalipo ija? Tinagwirizana zopatsa aliyense K100,000 pa 25, kuyambira woyeretsa mpaka manijala, zonse pamodzi K6 miliyoni. Ena ankati tigawe molingana ndi kukula kwa malipiro. Ine ndimaona kuti kugawa mofanana n'kwabwino, chifukwa thumba la ufa ndi mayunitsi a magetsi mtengo wake sufunsa udindo wa munthu.

Chidziwitso chomwe chinatuluka chinali ichi:

"Kwa ogwira ntchito nonse. Malipiro a mwezi wa Juni sabwera onse mawa pa 25 monga mwa nthawi zonse. Chifukwa chake n'chakuti kasitomala wathu wamkulu wachedwa kutilipira, ndipo ndalama zomwe tili nazo pakadalipano sizikukwanira. Vutoli si lanu, ndipo tikupepesa podziwa kuti ambiri muli ndi lendi, fizi ndi ngongole zoti mubweze kumapeto kwa mwezi.

Mawa aliyense alandira K100,000. Zotsala zonse zikhala zitalowa muakaunti mwanu pofika Lachisanu pa 5 Julayi, popanda kudulapo kalikonse kupatula zomwe zimadulidwa mwezi ndi mwezi. Palibe yemwe akuchotsedwa ntchito chifukwa cha nkhaniyi. Amene akufuna kalata yokaonetsa kwa eni nyumba, kubanki kapena kusukulu abwere ku ofesi yoona za ogwira ntchito, tiwalembera tsiku lomwelo. Lolemba pa 1 Julayi nthawi ya 10 koloko m'mawa ndidzakuuzani pomwe zinthu zafika, kaya zayenda bwino kaya ayi."

Pansi pake anasaina mkulu wa kampani ndi dzina lake, osati "akuluakulu". Chikalata chopanda dzina chimaoneka ngati mwini wake wabisala kuseri kwa chitseko.

Muona kuti sitinatchule dzina la kasitomala kapena ndalama zomwe zinali muakaunti. Kunena zoona sikutanthauza kuyanika mabuku onse pabwalo. N'kungoti chilichonse chomwe mwalemba chikhale choona. N'chimodzimodzi ndi mawu olimbitsa mtima. Mzere wakuti palibe akuchotsedwa ntchito tinaulemba titafunsa kaye bwana maso ndi maso ngati zilidi choncho. Akanakayika, tikanausiya. Malipiro akachedwa, funso lomwe lili mumtima mwa aliyense ndi lakuti kodi kampani ikugwa, ndipo kuliyankha monama n'koipa kuposa kukhala chete.

Tsono mabwana ena amaganiza kuti akalemba chidziwitso chabwino ndiye kuti mlandu watha. Sizili choncho. Lamulo la zantchito la dziko lino la mu 2000 limati wolandira pamwezi azilipidwa kosachepera kamodzi pamwezi motsatira mgwirizano wake wa ntchito, ndipo wogwira ntchito ali ndi ufulu wokadandaula ku ofesi ya zantchito ya m'boma lake, ngakhalenso kukhoti loona milandu ya apantchito. Chidziwitso sichichotsa ufulu umenewo, n'chifukwa chake simuyenera kuikamo mawu oopseza ngati "aliyense wodandaula aona zakuda". Msonkho wa PAYE wopita ku MRA ndi ndalama za penshoni nazonso zili ndi masiku ake, ndipo si zoti n'kubwerekako kuti mutsekere dzenje. Ngati mumadula ngongole za ku SACCO pamalipiro, aimbireni foni eni ake tsiku lomwelo kuti asalembe anthu anu ngati ozemba ngongole.

Kwa inu olandira chidziwitso chotere, funsani zinthu ziwiri: tsiku lenileni ndi liti, nanga tsikulo latsamira pa chiyani? Woyankha kuti "tikudikira kasitomala yemwe walemba kuti alipira pa 28" wawerengera. Woyankha kuti "musadandaule, tikuyesetsa" alibe tsiku.

Lolemba lija pa 1 Julayi kasitomala anali atatumiza theka lokha. Bwana ankafuna tidumphe msonkhano wa 10 koloko poti panalibe nkhani yabwino yoti anene. Tinawakakamiza, anaimirira kukantini n'kunena momwe zinthu zinalili, ndi kuti pa 5 sipasintha chifukwa theka linalo lalonjezedwa Lachitatu. Mayi wina wa kusitolo anangofunsa kuti, "Ndiye eni nyumba ndiwauze pa 5 pomwepo, bwana?" Anamuyankha kuti eya. Ndalama zinalowa Lachinayi pa 4 madzulo.