Usipa wa m'bandakucha: gulani molingana ndi thandala lanu

Amalonda ambiri a ku Dedza ndi ku Ntcheu amene amatsikira kunyanja kudzera ku Golomoti kapena ku Mtakataka amaganiza kuti phindu la usipa lagona pa kunenerera mtengo. Pa ntchito yanga yolangiza okonza nsomba ndaona kuti ndalama zambiri zimatayika malonda atatha kale, chifukwa munthu wagula usipa wochuluka kuposa umene angathe kuukonza dzuwa lisanakwere.

Usipa umagwidwa usiku ndi khoka lotchedwa chilimira, asodzi ataukopa ndi nyali, ndipo bwato limaponya khoka kangapo lisanabwerere kudoko. Choncho m'bwato limodzi mumakhala nsomba zamitundu iwiri: zapamwamba zimene zangovuulidwa kumene, ndi zapansi zimene zakhala maola angapo zitapsinjika popanda ayezi. Wogula wochenjera sakhutira ndi kung'anima kwa zapamwamba, koma amapisa dzanja mpaka pansi pa mulu. Usipa wabwino umakhala wolimba, wamaso owala, ndipo sununkha. Ngati pansipo pakumveka kufunda, ngati nsomba zikuterera ndi kusiya mamba ambiri m'manja, makamaka ngati mimba zaphulika, dziwani kuti kuwola kwayamba. Kansomba kakang'ono kotere sikatumbulidwa, motero zam'mimba mwake ndi zimene zimayamba kudya mnofu kuchokera mkati. Usipa wophulika mimba ukauma umawawa pakamwa ndiponso umafumbutuka m'dengu, ndiye ngakhale mwini bwato atsitse mtengo, ndi bwino kuusiya.

Tiyerekeze mayi amene wafika padoko 5 koloko m'mawa mwezi wa Januwale, ali ndi ndalama zokwanira zigoba 20, koma thandala limene wabwereka lingakwane zigoba 12 zokha atayala mopyapyala, nsomba zisakusanjikizana. Akagula zonse 20 adzakakamizika kuyala mochindikala, ndipo zapansi zidzakhala zonyowa tsiku lonse, ntchentche n'kuikirapo mazira amene amasanduka mphutsi pofika mawa lake. Pafupifupi magawo atatu mwa anayi a kulemera kwa nsomba yaiwisi ndi madzi, kotero makilogalamu 4 a usipa wauwisi amatsala pafupifupi kilogalamu imodzi ukaumitsitsa, ndipo madzi onsewo ayenera kupeza potulukira. Ine ndingamuuze mayiyu kuti agule zigoba 12 zoyanika, ndipo zinazo azigule pokhapokha ngati nkhuni, chiwaya ndi mafuta zili kale pafupi.

Kumwamba nakonso kuyang'anidwe ndalama zisanatuluke m'chikwama. Kukakhala mitambo ya mvula, kuyanika usipa wauwisi n'kutchova njuga, ndipo chothandiza ndi kuufutsa, kutanthauza kuuviika kwa mphindi zochepa m'madzi owira amchere kenako n'kuuyala pathandala. Kutenthako kumaimitsa kuwola ndipo nsomba zimauma msanga, ngakhale zimathyoka mosavuta pozinyamula.

Kukazinga kumapulumutsa katundu tsiku lomwelo, koma anthu amakudalira mopitirira muyeso. Usipa utsukidwe ndi madzi oyera, uyalidwe kanthawi kuti ukhe madzi, kenako ulowe m'mafuta otentha bwino pang'onopang'ono, chifukwa kudzaza chiwaya kumaziziritsa mafuta ndipo nsomba zimangomwa mafutawo mkati muli madzi. Mafuta akada ndi kuyamba kuchita thovu asinthidwe, popeza fungo lake limalowa m'nsomba ndipo ogula a pa Lizulu sachedwa kulimva. Nsomba yokazinga siuma ngati yoyanika, ndiye ndi katundu wa masiku ochepa chabe, woyenera munthu amene akudziwa tsiku la msika limene akaugulitse.

Cholakwika chimene ndimachiona kawirikawiri ndi kulongedza usipa ukadali wotentha, pothamangira galimoto yokwera kumtunda. Nthunzi imatsekeredwa mkati, makamaka m'majumbo ndi m'matumba apulasitiki, ndipo katundu akafika kozizira ku Bembeke kapena pa boma la Dedza nthunziyo imasanduka madzi, chuku n'kuyamba. Nsomba zizizire kaye pathandala, kenako ziikidwe m'dengu kapena m'katoni yoboola. Musadalirenso kuti mukamalizitsa kuyanika kumudzi, chifukwa m'miyezi ya Juni ndi Julayi nkhungu ndi mvula yowaza ya kumapiri zimatha kubisa dzuwa masiku angapo. Usipa wouma bwino umathyoka ukaupinda, pamene wosauma umangopindika.

Ena akaona mphutsi amawaza mankhwala ophera tizilombo a m'dimba kapena osungira chimanga. Mankhwala amenewa sanapangidwire nsomba, ndipo amakathera m'mbale ya wogula ndi ana ake. Dengu likayamba kufunda kapena kununkha, likhuthulidwe, zowonongeka zichotsedwe, ndipo zotsalazo ziyalidwenso padzuwa tsiku lomwelo.