Kumanga molimba sikutseka mazinga osagwirizana

"Ndamanga paipi mpaka dzanja kupweteka, koma madzi akudonthabe. Kodi sipanala yangayi ndi yaing'ono?"

Sipanala ilibe mlandu, achimwene. Muone kaye mazinga. Mapaipi amabwera ndi mazinga amitundu iwiri, ndipo uliwonse umatseka madzi mwanjira yakeyake.

Mazinga otsetsereka, monga a muyezo wa ku Britain wotchedwa BSPT ndi a muyezo wa ku America wotchedwa NPT, amanka nanenepa pang'onopang'ono: pa mamilimita 16 aliwonse a utali, paipi imanenepa ndi milimita imodzi. Mukamamanga, mazingawo amapanikizana, tepi yokulunga pa mazinga n'kutseka timipata totsala. Mazinga owongoka, monga a muyezo wa ku Britain wotchedwa BSPP, ndi ofanana kuyambira kunsonga mpaka kumapeto. Iwo ntchito yawo n'kugwira basi. Chotseka madzi ndi washala kapena kamphira komwe kamafinyidwa pankhope ya cholumikizira.

Tsono mukalowetsa cholumikizira chachimuna chowongoka, cha mazinga kunja, m'chachikazi chotsetsereka, cha mazinga m'kati, chimalimba chitangozungulira kawiri kapena katatu. Inu mumayesa chagwira, pomwe aluma ndi mazinga a kunsonga okha, ndipo washala sanafike n'komwe pokhala pake. Madzi amangotsata mzere wa mazinga n'kutuluka. Mukawonjezera mphamvu, chachikazi chimang'aluka, makamaka chikakhala cha pulasitiki.

Chonyenga kwambiri ndi NPT ndi BSP, kutanthauza BSPT kapena BSPP, za theka la inchi. Zonse zili ndi mazinga 14 pa inchi, choncho zimalowana bwinobwino. Koma mano a NPT anasemedwa pa madigiri 60 ndipo nsonga zake n'zaphwatalala, pomwe a BSP ali pa madigiri 55, nsonga zobulungira. Mano otere sakhalirana, ndipo tepi imangobisa vutolo kwa kanthawi.

Musanamange, yezani kunenepa kwa chachimuna pa zinga loyamba ndi lomaliza. Miyeso ikafanana, n'chowongoka, ndiye funani washala.