Mafunso a A, B, C, D: kuchotsa maansa abodza pongoona timawu ta "zonse" ndi "zambiri"

Anthu amati ukaona ansa ili ndi mawu oti "nthawi zonse" uziyisiya, ndi zoona zimenezi kapena ndi zongocheza?

Ndi zoona ndithu koma osati mmene anthu amazinenera. Ansa ikanena kuti "zonse", "nthawi zonse", "palibe", "chokha" kapena "sizingatheke", ndiye kuti yadzitsekera makomo onse, inu mukangopeza chinthu chimodzi chokha chomwe sichikugwirizana nayo basi yagwa, ngakhale zinthu zina 99 zitagwirizana nayo. Tengani yoti mbalame zonse zimauluka. Mukangokumbukira nthiwatiwa nkhani yatha. Pomwe ansa yoti "mbalame zambiri zimauluka" nthiwatiwa siyingayigwetse chifukwa yasiya kale malo a zomwe sizimauluka. Timawu tosiya malo ndi monga "zambiri", "zina", "kawirikawiri", "nthawi zina" ndi "zingathe". Pepala likhale la chilankhulo chilichonse magulu awiriwa mawu ake alipo.

Palinso mbali ya wolemba funso. Iyeyo amafuna ansa yolondola ikhale yoti munthu sangabwere nkumutsutsa, ndiye amayifewetsa ndi "kawirikawiri", ndipo akamapanga maansa abodza njira yachidule ndi kutenga mfundo yoona nkuyikokomeza mpaka ikhale bodza. Nchifukwa chake mawu okhwimawa amakonda kupezeka ku maansa olakwika. Koma ntchito yawo ndi kukuuzani poyambira kufufuza, kugamula ayi.

Ndiye ndikakhala ndi funso patsogolo panga ndiyambire pati?

Tiyeni tichitire limodzi funso ili. Ndi chiganizo chiti chomwe chili choona pa nkhani ya zitsulo?

A. Zitsulo zonse zimakhala zolimba pa kutentha kwa mchipinda.
B. Palibe chitsulo chomwe chingayandame pa madzi.
C. Zitsulo zambiri sizikokedwa ndi maginito.
D. Zitsulo zokha ndi zomwe zimadutsitsa magetsi.

Choyamba dulani mzere pansi pa "zonse", "palibe", "zambiri" ndi "zokha" musanaganize nkomwe za sayansi. Kenako pa ansa iliyonse yokhwima dzifunseni kuti kodi ndikudziwa chimodzi chomwe chikuswa lamuloli? Pa A pali mekyule, yemwe ndi chitsulo koma amakhala wamadzimadzi mpaka kuzizira kufike madigiri 39 pansi pa ziro, ndiye A yapita. Pa D kumbukirani girafaiti, mtima wakuda wa pensulo uja, si chitsulo koma magetsi amadutsa bwinobwino, yapitanso. B ndi yomwe imavuta chifukwa mmutu mumabwera msomali ukumira, ndipo munthu amene sanawerenge za sodiyamu ndi potaziyamu, zitsulo zopepuka kuposa madzi zomwe zimayandama uku zikuthetheka, angaone ngati ndi yoona. C nayo imamveka ngati yabodza poti tinazolowera kuona maginito akugwira misomali, koma pa zitsulo zodziwika zomwe maginito amakoka mwamphamvu ndi ayironi, nikelo ndi kobati, pomwe kopa, golide, siliva ndi aluminiyamu sizikokedwa.

Apa ndi pomwe njirayi imathandiza kwenikweni. Tinene kuti za sodiyamu simukuzidziwa, mwatsala ndi B ndi C. Kuti B ikhale yoona pakufunika kuti chitsulo chilichonse cha padziko chimire, ngakhale zomwe simunazimvepo dzina. Kuti C ikhale yoona pangofunika kuti zosakokedwa zichuluke kuposa zokokedwa. Katundu wa B ndi wolemera, sankhani C, ndipo C ndiyedi ansa yake.

Nanga ndikalephera kupeza chitsanzo chotsutsa, ndiyichotsebe?

Ayi, ikani kachizindikiro kokayikira pambali pake koma musayikhwatche. Kulephera kupeza chotsutsa kumatanthauza zinthu ziwiri, mwina simukuidziwa bwino nkhaniyo, mwinanso chotsutsacho kulibeko chifukwa ansayo ndi yoona. Ndipo maansa okhwima oona alipo ambiri, makamaka mmasamu ndi pomwe akufunsa tanthauzo la chinthu. Makona a mkati mwa thirayango yojambulidwa papepala nthawi zonse akaphatikizidwa amakwana madigiri 180. Nambala iliyonse yothera ndi 0 kapena 5 imagawika ndi 5. Amene angakhwatche zimenezi chifukwa choti waona "nthawi zonse" wataya malikisi aulere. Koma ngakhale mmasamu momwemo muzisamala, yoti manambala onse a pulayimu sagawika ndi 2 imagwa chifukwa cha 2 yemweyo, amene ndi pulayimu.

Ine ndimaona kuti njirayi imagwira kwambiri mu bayoloje, jogirafe, hisitole ndi maphunziro a za anthu, komwe pafupifupi lamulo lililonse lili ndi chopatuka chake. Mu bayoloje momwemo mupeza ziwiri zooneka ngati zofanana, ina yoti nyama zonse zoyamwitsa zimabereka ana amoyo, yomwe ndi bodza chifukwa pulatipasi wa ku Australia amaikira mazira, ina yoti mitundu yonse ya nyama zimenezi imadyetsa ana ake mkaka, yomwe ndi yoona poti limenelo ndiye tanthauzo la gululo. Mawu ndi omwewo, kusiyana kwake nkoti yachiwiriyo ikunena tanthauzo.

Ansa yokhala ndi "nthawi zina" ndiye imakhala yokhoza eti?

Osati choncho. "Nthawi zina makona a thirayango amakwana 180" ili pambali pa ina yoti nthawi zonse, yofewayo ndi yomwe yalakwika. Komanso olemba mayeso odziwa ntchito amaidziwa njirayi, ena amaika dala mawu ofewa mmaansa onse anayi, apo ndiye palibe chomwe mungatolepo, werengani mfundo yeniyeniyo.

Funso likati "ndi chiti chomwe SI choona" zimakhala bwanji?

Zonse zimatembenuka, ndipo apa anthu amagwa kwambiri chifukwa dzanja lazolowera kukhwatcha ansa yokhwima pomwe imeneyo ndi yomwe akuyifuna. Akakupatsani ziganizo zinayi za kuwira kwa madzi, zitatu zofewa, chimodzi chikuti madzi nthawi zonse amawira pa madigiri 100, chimenecho ndiye choyamba kuchikayikira ndipo ndi bodzadi, pamwamba pa phiri la Everest amawira pa madigiri pafupifupi 70 chifukwa mpweya supanikiza kwambiri kumeneko. Zungulizani "si" kapena "kupatula" wa mufunso musanatsikire ku maansa, kenako pambali pa ansa iliyonse lembani kuti zoona kapena bodza, musankhe yomwe yatsala yokha.

Ndachotsa imodzi yokha, kugesa kuli ndi phindu?

Pa maansa anayi kugesa mwachimbulimbuli mwayi ndi 25 pa 100, mukachotsa imodzi ukufika pafupifupi 33, mukachotsa ziwiri ndi 50. Ngati sadula malikisi mukalakwa, musasiye funso lopanda ansa. Ngati amadula werengani malangizo a pamwamba pa pepala muone kuti amadula zingati. Tinene kuti kukhoza ndi malikisi 3 ndipo kulakwa amachotsa 1. Mukagesa mafunso 12 osachotsa kanthu, mwachiyembekezo mukhoza atatu nkupeza 9, mulakwa 9 nkutaya 9, simunapindule kanthu. Mukachotsa ansa imodzi pa funso lililonse mukhoza anayi nkupeza 12, mulakwa 8 nkutaya 8, mwatsala ndi malikisi 4, bola ngati yomwe munachotsayo inalidi yabodza.